Zigubu 34 zomwe kunalibe

Lachitatu. Kwacha ndi kamvula kowaza kaja ka kuno ku Mzuzu, ndili mkati momwa tiyi foni yalira, amalume. Mawu awo okha ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino. Akuti mphwanga bwera kushopu pompano, kompyuta yako ikutinamiza.

Amalume ali ndi holoselo mtauni muno ndipo sisitimu yowerengera katundu ndinawapangira ndine. Kuti idziwe kuti mafuta ophikira atsala angati, imaphatikiza onse omwe analowa nkuchotsera onse ogulitsidwa, ndiye kuyambira 2022 mizere mudetabesi yafika cha m'ma 200,000, tsamba la katundu limatenga masekondi 9 kuti litseguke. Masekondi 9 kasitomala ali chiimire pakauntala ndi ambiri. Mwezi watha ndinaikapo kashi, osati ya ndalama ayi, iyi ndi yosunga yankho lomwe wawerengera kale. Woyamba kutsegula tsamba ndi amene amadikira masekondi 9 aja, yankho nkusungidwa mu Redis, yomwe imasunga zinthu mu memore, ndiye otsatira onse amangotola lomwelo osawerengeranso, kuphethira kamodzi latseguka. Ndinaiuza kuti isunge kwa ola limodzi:

```
SET katundu:onse "..." EX 3600
```

Ndakwera kabaza kuchoka ku Katoto, kufika 8:55, ndapeza mayi wina wa ku Chibavi atakhala pabenchi chitenje chitanyowa, nkhope yosasangalala. Iwowa anaimba 8:20 kufunsa ngati zigubu za malita 20 zilipo, mtsikana wa pakauntala anayang'ana pasikirini nkuona 34, anawauza kuti bwerani mayi zilipo zambiri. Amafuna 10. Kufika, mu sitolo muli 4 basi. Zinandikhudza kwambiri, mayiwa amakazinga mandasi ndi tchipisi, m'mawa ngati uno ndi pomwe amapezera ndalama.

Ndisanagwire china chilichonse ndinafunsa Redis kuti yankho lija latsala ndi nthawi yaitali bwanji:

```
TTL katundu:onse
```

Yabweza 600. Pa 3600 kuchotsa 600 kutsala 3000, omwe ndi maminitsi 50, kutanthauza kuti nambala ili pasikirini inawerengedwa 8:05. Kuyang'ana malisiti, 8:15 bambo wina wa ku Ekwendeni anagula zigubu 30. Detabesi inalemba bwinobwino, 4 ija imaidziwa, koma tsamba silimafunsanso detabesi, limangotola zosungidwa. Amalume ndinawafotokozera kuti zili ngati kapepala komwe mumamata pashelefu mutawerenga katundu m'mawa, kamakupulumutsani kuwerenga kawirikawiri koma wina akatapa katundu kapepalako sikadzisintha kokha. Anangoti nanga bwanji osakang'amba ukagulitsa. Ndipo yankho lake ndi lomwelo ndithu.

Poyamba ndinaganiza zongotsitsa nthawi kufika masekondi 60, koma nditaganiza bwino sizithandiza kwenikweni. Bodza likhalapobe, lalifupi chabe, ndipo ka seva kathu kazikhalira kuwerengera mizere 200,000 miniti iliyonse pomwe katundu wambiri sanasunthe nkomwe. Nambala imakalamba osati chifukwa nthawi yadutsa koma chifukwa chomwe inachokera chasintha. Zogulitsa za dzulo zonse pamodzi mutha kuzisunga sabata yathunthu zili zoonabe, pokhapokha wina atabweza katundu. Koma zotsala pashelefu zimafa pomwe lisiti lotsatira latuluka.

Ndiye masana onse ndakhala kuseri pamatumba a shuga ndi laputopu pamwendo. Ndagawa kashi ija, katundu aliyense kiyi yakeyake, kuti mafuta akagulidwa tisataye za sopo ndi mchere zomwe. Kenako paliponse pomwe malonda alembedwa ndaonjezera mzere uwu wofufuta yankho losungidwa:

```
DEL katundu:mafuta20
```

Apa dongosolo lake ndi lofunika. Uyambe walemba mudetabesi, zikalowa ndiye ufufute. Ukayamba ndi kufufuta, pakati pomwepo wina atha kutsegula tsamba, sisitimu nkuwerengera kuchokera ku nambala zakale nkuzisunganso, wabwerera pomwe unali.

Ndimaona ngati ndamaliza, kuyesa kugulitsa katundu mmodzi, nambala yatsika nthawi yomweyo. Koma cha m'ma 3 koloko lole yabweretsa zigubu 50, amalume azilowetsa patsamba lawo lolandirira katundu, pakauntala ikuonetsabe nambala yakale. Khomo limenelo ndinaliiwala. Ndafufuza malo onse omwe amasintha katundu, apezeka anayi: kugulitsa, kulandira, kubweza, ndi pomwe amalume amakonza pamanja katundu akaonongeka. Onse ndaikamo `DEL`. Nthawi yothera sindinaichotse, ndangoitsitsa kufika masekondi 300, kuti ngati pali khomo lina lomwe sindinalione cholakwikacho chisapitirire maminitsi asanu.

Mayi aja anatenga 4 zija m'mawa, zinazo 6 amalume awatumizira madzulo ano pa njinga, mtengo wa mayendedwe alipira okha. Mawa ndilawirira kukakhala pakauntala mpaka 10 koloko, ndizifananiza sikirini ndi zomwe zili mu sitolo.