Matiresi a azakhali ndi geti lakuda

Azakhali anga atasamukira ku Area 49 anandituma kuti ndiwagulire matiresi m'tauni, ndiwapezerenso galimoto. Ndinapeza adalaivala a kalole, tinagwirizana mtengo, katundu tinamanga ndi chingwe. Kenaka iwo amvekere, "Achimwene, tikatsitsa pati?"

Azakhali anatumiza sikirinishoti ya mapu pa WhatsApp. Chithunzi chabe, ngakhale uchidine mpaka chala chitupe sichitsegula mapu. Pamwamba analembapo okha kuti "geti lakuda, pafupi ndi mtengo wa mango", ngati mu Lilongwe monse geti lakuda ndi lawo lokha. Pakati panali kadontho kabuluu ndi pini yofiira, motalikirana. Pansi panali manambala, koma mdzukulu wawo pokonza chithunzicho anachidula m'mbali, ndiye zimaoneka ndi izi:

```
13.94, 33.75
```

Ndinazilemba mu Google Maps, foni n'kuganiza kaye, kenaka n'kundionetsa Sudan. Adalaivala anasuzumira n'kufunsa mwaulemu ngati ndalama tinagwirizana ija ikuphatikizapo pasipoti. Chimene chinadulidwa ndi kamzere kochotsera kamene kamakhala kutsogolo kwa nambala yoyamba. Dziko lathu lili kummwera kwa ikweta, choncho nambalayo imayenera kukhala -13.94, ndipo kamzereko kakasowa umatulukira kumpoto. Nditakabwezera tinabwerera ku Lilongwe, koma manambala awiri okha pambuyo pa kadontho amakusiya m'dera lotalika kupitirira kilomita. Kuti uloze khomo la munthu pamafunika anayi kapena asanu.

Basi ndinangoyang'ana chithunzicho n'kulemba kuti akadutsa chigayo akhote kumanzere, geti lakuda.

Patapita kanthawi adalaivala anaimba mosangalala kuti katundu wafika, ndipo agogo awapatsa thobwa. Agogo ati? Azakhali anga munthu atawatcha agogo sangamupatse ngakhale madzi. Ndinawaimbira, iwo n'kuti ali panja chiimire, sanaone lole iliyonse.

Nditachikuza chithunzicho ndinaona kampasi kakang'ono pakona, nsonga yake yofiira italoza pansi. Mwana uja anazunguliza mapu ndi zala ziwiri, kumpoto kukhala pansi. Mapu akakhala bwino kumpoto kumakhala pamwamba, ndiye ine ndinawatenga adalaivala ngati akuchokera mbali iyi pamene iwo amachokera mbali inayo, manzere anga n'kusanduka manja awo. Kadontho kabuluu nako kanali pachigayo, pamene azakhali anaima posaka netiweki, chifukwa iko kamangoonetsa pamene pali foni. Pini yofiira ndiye nyumba, ngati chala cha mwana chinagwa pabwino.

Ndinawauza azakhali kuti aime pageti penipeni, atsegule macheza athu pa WhatsApp, adine kachizindikiro kotumizira zinthu, asankhe `Location` kenaka `Send your current location`. Imeneyo ukaidina imatseguka, ndipo ndinaitumiza kwa adalaivala. Koma bandulo yawo inali itatha, monga zimakhalira nthawi imene ikufunika, choncho ndinawalembera uthenga wamba, ndikuyenda nawo m'mutu ngati ndakhala pampando wakutsogolo:

"Bwererani pachigayo, muime chigayo chili kumanja kwanu. Pitani patsogolo, mudutse kanjira koyamba, mukhote kumanja pa kachiwiri pamene pali mjigo. Nyumba yachitatu kumanzere, mpanda wa njerwa zosapaka pulasitala, geti lakuda. Mukaona tchalitchi cha malata ndiye kuti mwapitirira. Mayi wa chitenje chobiriwira akhala panja."

Mtengo wa mango sindinautchule dala. Nditawafunsitsa, azakhali anavomera kuti eni nyumba anaudula chaka chatha, koma anthu amatchulabe malowo kuti pa mango.

Nkhondo inatsala kwa agogo aja. Iwo anali atayala kale nsalu pamatiresi, ataitana anansi, akuthokoza mwana wawo wa ku Joni kuti wawakumbukira tsopano. Adalaivala atafotokoza, agogo anati iwo sanaitane munthu, lole yabwera yokha, yaima pageti lawo lakuda, ndipo dalitso salibweza. Zinatengera azakhali kupita okha ndi lisiti m'manja, n'kugwada, n'kupepesa ngati ndiwo abwera kudzaba. Agogo analola, koma pepala la pulasitiki lokutira matiresi anakana kubweza, akuti likafolera khola la nkhuku.

Madzulo adalaivala anandilembera kuti ndiwonjezere ya mafuta, popeza atsitsa kawiri n'kukweza kawiri. Ndinawakumbutsa kuti thobwa amwa okha. Anayankha kuti linali losatsekemera.