Kufotokoza munthu kuti apezeke pa depoti ya Mzuzu: chomwe ndamvetsa tsopano

Mtima wanga wakhala pansi pa nkhani ya chimangirizo chofotokoza munthu. Za afotokozi ndi kagwirizanidwe kawo ndi mayina sindilowamo, tonse tinazimva kale m'kalasi. Chomwe chimandisokoneza chinali china. Ndinkaganiza kuti kufotokoza munthu ndi kumujambula ndi mawu, kuyambira tsitsi mpaka chala chakumwendo, ndipo kuti mawu akachuluka chithunzi chimaoneka bwino. Zinatseguka nditaika ntchitoyi pamalo ake enieni: mnzako waima pa depoti ya Mzuzu, basi yochokera ku Lilongwe yangolowa, ndipo akufuna munthu amene sanamuonepo. Mnzakoyo alibe nthawi yojambula nkhope m'mutu. Iye akusefa gulu. Liwu lililonse lomwe walemba liyenera kuchotsapo anthu ena mwa omwe akutsika, ndipo liwu lomwe silichotsa aliyense langodya malo.

Tiyerekeze kuti azakhali ako akubwera kudzaona wodwala, iwe sungathe kukawalandira, ndiye watuma mnzako wa ku Chibavi. Uthenga woyamba umene ambiri timalemba umakhala wotere: "Ndi mayi wooneka bwino, wamsinkhu wabwino, wansangala, wavala chitenje, ali ndi chikwama." Mulibe bodza m'menemo. Koma tiuyese pa basi yonyamula anthu 60. Liwu loti mayi lachotsa abambo ndi ana, tinene kuti atsala 25. Wooneka bwino silichotsa munthu, chifukwa kukongola kuli m'maso mwa woona. Msinkhu wabwino ndi uti? Nsangala sizioneka pa munthu amene wakhala pampando kuyambira m'mawa, miyendo itatupa, akulimbana ndi anyamata omwe akumukokera katundu. Chitenje chachotsa mwina asanu. Chikwama ali nacho onse. Mawu asanu ndi limodzi atisiyira anthu 20, ndipo mnzako ayamba kufunsa mayi aliyense mmodzimmodzi.

Tsopano uthenga wachiwiri wa azakhali omwewo: "Mayi wooneka wazaka 55, wamfupi, amandifika paphewa, wojintcha, wakuda. Magalasi. Duku yachikasu, juzi yobiriwira. Ndowa yofiira ya malita 20 yovindikira. Amatsimphina pang'ono mwendo wamanzere." Mwa amayi 25 aja, zaka zasiya mwina asanu ndi atatu, kufupika ndi thupi zasiya atatu, magalasi ndi duku zasiya mmodzi. Ndowa ndi kayendedwe n'zotsimikizira chabe. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma mchitidwe wake ndi womwewo kulikonse: ukalemba liwu, funsa kuti latsitsa gulu kuchoka pa angati kufika pa angati.

Ndimaikhulupirira kwambiri njira yowerengayi, mpaka ndimaona kuti ikanaphunzitsidwa tsiku loyamba, theka la zomwe timaloweza za chimangirizo chofotokoza zikanakhala zosafunika. Imakuuzanso ndondomeko popanda kuloweza. Choyamba ndi chooneka patali, pamene munthu akutsika pakhomo la basi ndipo iwe uli mapazi makumi awiri kapena atatu kuchokera pamenepo: mwamuna kapena mkazi, zaka, kutalika, thupi, mtundu wa chovala chapamwamba, chonyamula. Kenako chooneka pafupi: magalasi, ndevu, imvi, dazi, chipsera. Mpata wa pakati pa mano akutsogolo ndi chizindikiro chabwino, koma umaoneka munthu akatsegula pakamwa, choncho malo ake ndi kumapeto. Amene amayamba ndi maso ndi mphuno amaika patsogolo zinthu zomwe mnzake adzaziona atamupeza kale munthuyo.

Pa kutalika ndi pomwe ambiri timagwa. Kunena kuti wamtali kapena wamfupi kumadalira woonayo. Munthu wamfupi amatcha aliyense wamtali. Kulemba kuti masentimita 155 nakonso sikuthandiza kwenikweni, pakuti ndi ochepa amene angayeze msinkhu ndi maso pakati pa gulu. Muyeso umene nonse awiri muli nawo ndi thupi lako lomwe, chifukwa mnzako amakudziwa. Amandifika paphewa, tili chimodzimodzi, amandiposa ndi mutu wonse. Khungu nalonso limamveka bwino ukaliyerekeza: woderapo kuposa ine, woyererapo kuposa iwe. Ukangoti woyera, wina aganiza za mzungu, wina za munthu wofiirira, ndipo onse alondola malinga ndi kalankhulidwe kakwawo.

Kuona mtima kumabwera apa, ndipo ndi komwe kumavuta kuposa luso. Timakonda abale athu, ndiye dzanja limafewetsa lokha. Wonenepa timamuti ali ndi kathupi pang'ono. Waimvi timamuchotsera zaka khumi. Timatumiza chithunzi cha pa ukwati wa zaka zisanu zapitazo, munthu ataphoda, atavala wigi, pomwe lero wamanga duku ndipo nkhope yatuwa ndi fumbi lapamsewu. Chotsatira chake n'chakuti mnzako amamuyang'ana munthu woyenera n'kumudutsa, chifukwa uthenga wamuuza kuti si ameneyo. Kufotokoza koperewera kumasiya anthu ambiri, koma kokometsa kumachotsa mwini wakeyo. Pa zaka lemba zomwe amaoneka, ngakhale zitasiyana ndi za pa chiphaso. Ndipo choona sichisowa kukhala chamwano, Chichewa chili ndi mawu ake. Wojintcha kapena wathupi amanena zoona popanda kunyoza. Wochepa thupi ndi bwino kusiyana ndi woonda, lomwe limamveka ngati ukunena kuti munthu akudwala. Muyeso womwe ndimagwiritsa ntchito ndi wakuti, azakhaliwo ataupeza uthengawo m'foni ya mnzanga, avomere kuti ndi iwo, ndipo asapsenso mtima.

Apa ndi pomwe mtima umandiwawa ndi kaphunzitsidwe komwe ambiri tadutsamo. Malikisi amapita kwa amene walemba kuti mano oyera mbuu, khungu losalala, kuyenda kwa ulemu, ndipo wophunzira amatuluka akudziwa kutamanda koma osadziwa kuona. Aphunzitsi ena amati wonjezera afotokozi, osanena kuti afotokoziwo agwire ntchito yanji. Ndikudziwa kuti silabasi ndi yaitali ndipo teremu imatha msanga, mayeso ali pakhomo. Koma zikanangotenga phunziro limodzi: mmodzi afotokoze mnzake wa kalasi ina papepala, wachitatu akamupeze pabwalo nthawi yopuma. Akabwera ndi munthu wolakwika, pepala lalakwa.

Zovala ndi zomwe zimasefa msanga kuposa zonse, komanso ndi zomwe zimanama msanga. Munthu amachoka ku Lilongwe kukutentha atavala bulauzi, koma msewu wa M1 ukadutsa Jenda n'kukwera m'mapiri a Viphya ku Chikangawa, mphepo imalowa m'basi ndipo aliyense amafukula juzi kapena jekete m'chikwama. Mzuzu ndi wozizira, makamaka mu Juni ndi Julayi, ndipo kamvula kowaza kamachititsa amayi kufunda chitenje chachiwiri pamapewa. Bulauzi yofiira yomwe unalemba m'mawa siionekanso. Choncho zovala usazilembe kuchokera m'mutu kapena kwa amene anawaperekeza kokwera. Imbira wapaulendoyo basi ili cha ku Jenda, foni isanathe moto ndiponso basiyo isanalowe m'nkhalango momwe netiweki imaduladula, umufunse chomwe adzakhale atavala pamwamba potsika. Ngati basi ifika kutada, mitundu imasokonekera: buluu wakuda, wobiriwira wakuda ndi wakuda weniweni zonse zimaoneka chimodzi pansi pa magetsi ofooka. Zikatero dalira choyera kapena chachikasu, ndi maonekedwe a katundu. Chitenje cha mpingo chimaoneka ngati chizindikiro champhamvu, koma ngati basiyo yanyamula amayi a mvano obwera kumsonkhano kapena kumaliro, onse avala chomwecho.

N'chifukwa chake ndimasakaniza zosasintha ziwiri kapena zitatu ndi zosintha ziwiri. Msinkhu, thupi ndi kayendedwe sizivulidwa. Duku, juzi ndi ndowa zimathandiza kuona msanga, koma ndowa ikhoza kukhala idakali pansi pa basi kapena ili pamutu pa mnyamata wonyamula katundu. Zikagwirizana zosasintha koma zovala zasiyana, mnzako ayandikire ndithu n'kufunsa. Zikagwirizana zovala zokha, msinkhu wosiyana, si ameneyo.

Gulu likhozanso kuchepetsedwa munthu asanafotokozedwe n'komwe. Dzina la basi ndi nambala yake zimachotsa depoti yonse n'kusiya basi imodzi, ndipo n'zofunika chifukwa maminibasi a ku Karonga, Rumphi, Ekwendeni ndi Nkhata Bay akutsitsanso anthu awo nthawi yomweyo. Funsanso ngati basiyo imalowa m'depoti, pakuti makampani ena amatsitsira pa malo awoawo m'tauni. Wapaulendo umuuze kuti akatsika aime pambali pa basi yakeyo osasuntha, ngakhale a kabaza ndi oitanira amukakamize bwanji. Anthu awiri onse akamayendayenda kufunana amaphonyana kangapo. Ndipo uthenga ukhale waufupi. Ngati mnzako ali ndi foni ya mabatani, uthenga umodzi umatenga zilembo 160, ndipo munthu amene akuyang'ana pakhomo la basi sangawerenge ndime. Uthenga wachiwiri uja ndi wopitirirako pang'ono; kuchotsa "yovindikira" ndi mawu ena olumikizira kumaufupikitsa osataya kanthu.

Chomwe ndinkachiiwaliratu ndi chakuti mafotokozedwe ayenera kukhala awiri. Azakhali nawonso adziwe kuti owalandira ndi mnyamata wamtali kuposa iwe, wandevu, wa kapu yoyera. Ndipo mnyamatayo akafika apereke moni, monire amama ngati ndi momwe amalankhulira, kenako atchule dzina lako iye mwini. Asadikire kufunsidwa kuti mwatumidwa ndi ndani, ndipo azakhali asayambe okha kutchula mayina, chifukwa aliyense akhoza kungovomera kuti eya ndine ndemwe n'kunyamula katundu.

Pomwe njira yanga yowerengera imandisiya panjira ndi pa zizindikiro zomwe zimasefa gulu lonse ndi liwu limodzi koma zili zolemera kwa mwini wake: chilema, diso lowonongeka, chipsera cha moto kumaso, khungu lachialubino. Kuwerenga kumati lemba chimenecho poyamba, nkhani yatha. Koma uthenga ukachoka m'foni yako ukhoza kutumizidwa kwa wina, ndipo ukunena ola ndi malo omwe munthuyo adzakhale ali yekha ndi katundu. Kutsimphina kwa azakhali ndinakuika kumapeto ndipo ndinati pang'ono, komabe ndikawerenganso sindikhazikika. Ndimaganiza kuti chabwino n'kufunsa mwini wakeyo kuti mundilola ndinene chiyani, ndipo zoterezi zinenedwe pakamwa pa foni kwa munthu mmodzi womukhulupirira, osazilemba. Koma akakana, basi ikufika usiku, ndipo zizindikiro zotsala n'zofooka, sindinatsimikizebe mumtima mwanga ngati ndiyenera kulemekeza kukana kwawo kapena kuopa kuti agona pa depoti.