Mizere, solidi ndi safesi: chitsulo chimodzi ndachijambula katatu

Pa sikirini ya kompyuta, zinthu zitatu zosiyana kwambiri zimatha kuoneka chimodzimodzi, ndipo ongoyamba kumene kujambula pa kompyuta amasokonekera pomwepa. Ineyo sindikhulupirira maso. Ndimafunsa pulogalamu funso limodzi: chinthu ichi chikulemera bwanji? Ikayankha, ndiye kuti ndili ndi solidi, chinthu chodzaza mkati. Ikakana, ndili ndi mizere kapena safesi, khungu lopanda mkati.

Ndigwiritsa ntchito AutoCAD, koma osati AutoCAD LT, chifukwa iyo ilibe zida zoumbira masolidi. Chomwe ndijambule ndi chitsulo cha hinji ya geti, chonga chomwe owotcherera a ku Ndirande amadula tsiku ndi tsiku: mamilimita 100 m'litali, 60 m'lifupi, 10 kuchindikala, ndi bowo la mamilimita 20 pakati pake. Ndimatsegula fayilo yatsopano ndi `acadiso.dwt` kuti miyeso ikhale ya mamilimita, popeza `acad.dwt` ndi ya mainchesi.

Ndimayamba ndi mizere.

```
LINE
0,0
@100,0
@0,60
@-100,0
C
```

Kenako `CIRCLE`, pakati pake ndi `50,30`, ndipo ndimalemba `10`, osati `20`, chifukwa pulogalamu imafunsa mtunda wochokera pakati kukafika m'mphepete. Apa munthu amaona chitsulo chokhala ndi bowo, koma kompyuta ikungodziwa mizere inayi ndi bwalo limodzi. Sikudziwa kuti mkati mwa mizereyo muli chitsulo, sikudziwanso kuti bwalolo ndi bowo.

Ndikhoza kupitiriza, nkukopera zonsezi m'mwamba ndi `COPY` pamtunda wa `0,0,10`, nkulumikiza ngodya zinayi ndi mizere yoimirira. Ndikatembenuza chithunzicho pogwira `Shift` ndi gudumu la mausi, chimaoneka ngati bokosi lenileni. Komabe ndi mizere 12 ndi mabwalo awiri basi. Chili ngati galimoto ya mawaya ya ana: maonekedwe alipo, koma chala chimadutsa pakhomo lotseka. Ndikalemba `MASSPROP`, lamulo lofunsira funso la kulemera lija, nkusankha zonse, yankho limakhala `No solids or regions selected`.

Musaipeputse mizere. Ngati chitsulochi chikukadulidwa pa makina a pulazima kapena a leza, makinawo amatsatira njira yafulati, ndiye mizere inayi ndi bwalo lija, zosungidwa mu fayilo ya DXF yomwe mapulogalamu a makinawo amawerenga, zakwana. Kuchindikala amakudziwa poona chitsulo chomwe chagonekedwa patebulo. Vuto la kumeneko ndi mizere yosanjikizana, iwiri pamalo amodzi, yomwe diso siliona koma makina amadutsamo kawiri nkuwononga m'mphepete. `OVERKILL` imaichotsa. Mapulani ambiri a nyumba nawonso ndi mizere yokhayokha, ndipo nyumba zimamangidwa bwinobwino.

Tsopano ndichotse zapamwamba zija, nditsale ndi mizere inayi ya pansi ndi bwalo. Msampha waukulu wa ongoyamba uli apa. Ndikalemba `EXTRUDE`, lamulo lokweza zojambula zafulati m'mwamba, nkusankha mizere inayi ija, nkupereka `10`, pamatuluka chinthu chooneka ngati bokosi. Si bokosi ayi. Ndi makoma anayi opanda kuchindikala, opanda denga, opanda pansi. Chifukwa chake nchakuti `LINE` imapanga mizere yodziimira payokha, ngakhale nsonga zake zikhudzane, ngakhalenso mutatseka ndi `C`. Lamulo la `EXTRUDE` ndi losavuta: njira yotseka imabala solidi, njira yotseguka imabala safesi. Mzere umodzi ndi njira yotseguka, choncho mizere inayi yabala masafesi anayi.

Kuti ndidziwe chomwe ndili nacho, ndimadina chinthucho nkutsegula `Properties` ndi `Ctrl+1`. Pamwamba pamalembedwa `Line`, `Surface (Extrusion)` kapena `3D Solid`. Chizolowezi ichi ndichofunika kuposa malamulo onse omwe ndatchula, chifukwa mukakhala pa kaonekedwe ka `2D Wireframe`, ngakhale solidi yeniyeni imaoneka ngati mawaya. Kusintha kaonekedwe ndi `VSCURRENT` nkusankha `Conceptual` kumathandiza kuona nkhope za chinthu, koma sikusintha chomwe chinthucho chili. Ndi utoto chabe.

Ndibwerere m'mbuyo ndi `U`, ndikonze. Ndimalemba `JOIN` nkusankha mizere inayi, ikhale chingwe chimodzi. Mu `Properties` muyenera kuoneka `Polyline`, ndipo pa `Closed` pakhale `Yes`. Ikakana kulumikizika, pali mpata pangodya ina, mwina wa mamilimita 0.01, womwe simungauone musanakulitse chithunzi kwambiri. Mpata wotere umabwera munthu akamadina ndi dzanja `OSNAP`, yomwe imakokera mausi pansonga penipeni, ili yozima. Imayatsidwa ndi `F3`. Pofuna kutseka mpatawo osajambulanso, ndimagwiritsa ntchito `PEDIT`, kenako `Multiple`, nkusankha mizereyo, nkuyankha `Y` ikafunsa zoisandutsa `Polyline`, kenako `Join`, nkupereka `0.1` pa `fuzz distance`, kukula kwa mpata womwe pulogalamu itseke. Musapereke nambala yaikulu, ingakoke nsonga zomwe simunafune kuti zikumane. Zikanakhala zophweka kuyamba ndi `RECTANG`, yomwe imabwera yotseka kale, koma ndi bwino munthu aone kaye vutoli ndi maso ake.

`EXTRUDE` ikabwerezedwa tsopano pa chingwe chotsekacho pamodzi ndi bwalo, ndimapeza masolidi awiri: chitsulo chathunthu, ndi kandodo kobulungira komwe kali mkati mwake. Bowo palibe. Kuti libooke ndimalemba `SUBTRACT`, nkusankha chitsulo, `Enter`, nkusankha kandodo, `Enter`. Dongosolo lake ndi lofunika: choyamba ndi chomwe chitsale, chachiwiri ndi chomwe chichoke. Mukatembenuza, mwachotsa chitsulo chonse mu kandodo, ndipo zonse ziwiri zimasowa. Pali njira yachidule, `PRESSPULL`, yomwe mumangodina pakati pa mizere ndi bwalo nkukoka, bowo nkubwera lokha. Ndiyabwino, koma imabisa zomwe zikuchitika, ndiye ndimakonda kuti wophunzira adutse kaye njira yaitaliyi.

Funso lija ndilifunsenso. `MASSPROP` tsopano ikuyankha, ndipo pa `Volume` pakubwera nambala yoyandikira 56858.4. Ndimaitsimikiza ndi dzanja:

```
100 × 60 × 10 = 60000
3.1416 × 10 × 10 × 10 = 3141.6
60000 − 3141.6 = 56858.4
56858.4 × 0.00785 = 446.3
```

Nambala ya 0.00785 ndi magalamu omwe kachidutswa ka chitsulo wamba ka milimita imodzi mbali zonse kamalemera. Choncho chitsulo chathu ndi cha magalamu pafupifupi 446, ndipo zitsulo 50 zotere zikhala makilogalamu 22 ndi kanthu. Chenjerani ndi mzere wa `Mass` womwe AutoCAD imaonetsa pamwamba: nambala yake imangofanana ndi ya `Volume`, chifukwa pulogalamuyo sikudziwa ngati ndi chitsulo kapena thabwa. Nambala yomweyi imaululanso zolakwika. Ikakhala 60000, bowo silinachotsedwe. Ikakhala 63141.6, mwasankha chitsulo ndi kandodo pamodzi, zisanachotsedwe.

Solidi ndiyo imadziwa mkati ndi kunja. Nchifukwa chake imalola kuboola, kuphatikiza, kuyeza kulemera, ndi kuona ngati zida ziwiri zikugundana. Ndikaidula pakati ndi `SLICE`, podulidwapo pamaoneka nkhope yodzaza. Kwa mahinji, mabulaketi, mapule ndi mashafiti, palibe chifukwa chofunira njira ina.

Nanga safesi, yomwe yangotulukira ngati ngozi pamwambapa, ntchito yake nchiyani? Safesi ndi khungu lopanda kuchindikala. Ili ndi nkhope, imalandira mthunzi, koma ilibe mkati. Inakula m'mafakitale a magalimoto ndi ndege, komwe maonekedwe okhotakhota sangapangidwe ndi mabokosi ndi mabowo. Masamu a mizere yokhota omwe Pierre Bézier ankagwiritsa ntchito ku Renault m'zaka za m'ma 1960 adakali m'mapulogalamu a lero. Kuno kwathu chitsanzo chapafupi ndi fanulo ya malata ya pachigayo, yomwe pamwamba ndi ya ngodya zinayi koma pansi ndi yobulungira.

Ndimajambula pakamwa pake ndi `RECTANG`, mamilimita 200 mbali zonse, nkuzungulitsa ngodya ndi `FILLET` ya 10. Ndimajambula bwalo la mamilimita 100 pakati pake, nkulitsitsa ndi `MOVE` pamtunda wa `0,0,-150`. Ndikangolemba `LOFT` nkusankha ziwirizi, poti zonse ndi zotseka, ndimapeza solidi yodzaza, chigumu chomwe chimanga sichingadutsemo. Ndiye ndisanasankhe ndimalemba `MO` kenako `SU`, kuuza pulogalamu kuti ndikufuna khungu lokha. Pamatuluka fanulo yotseguka pamwamba ndi pansi, ndipo `MASSPROP` ikanenso kuyankha.

Kuti ikhale lata lenileni ndimalemba `THICKEN` nkupereka `1.5`. Khungu lija lasanduka solidi, kulemera kwake kungathe kuwerengedwa monga tinachitira ndi hinji. `THICKEN` imalephera kuchindikala kukaposa kukhota kwa ngodya: pa ngodya ya 10, kukankhira khungu mkati ndi 12 kumachititsa kuti lidzipyoze lokha, pulogalamu nkukana. Mankhwala ake ndi kukulitsa ngodya kapena kupereka nambala ya chizindikiro chotsutsa kuti kuchindikalako kupite mbali inayo. Dziwaninso kuti AutoCAD siyala fanulo imeneyi pansi kuti mudule lata. Ntchito imeneyo ili m'mapulogalamu ngati Inventor ndi SolidWorks, apo ayi mmisiri wa malata aiyala yekha ndi kampasi.

Njira ina yochokera ku safesi kupita ku solidi ndi `SURFSCULPT`, yomwe imatenga masafesi angapo otchinga malo mbali zonse nkudzaza mkatimo. Makoma anayi aja akanapatsidwa denga ndi pansi, akanatha kusanduka chitsulo. Koma pakhale kampata kamodzi pakati pa masafesi awiri, imakana, chifukwa malo otseguka alibe mkati. Vuto lomweli limavutitsa anthu osindikiza zinthu pa makina oumba ndi pulasitiki: fayilo ya STL, yosunga maonekedwe a chinthu choti chiumbidwe, ikachokera ku khungu lobooka imasokoneza pulogalamu yodula magawo, mbali zina nkusowa.

Amene alibe AutoCAD angachite zomwezi mu FreeCAD, yomwe ndi yaulere. Mizere imajambulidwa mu `Sketcher`, `Pad` imaikweza kukhala solidi, `Pocket` imaboola. Kusiyana kwake nkwakuti `Pad` ikapeza njira yotseguka sikupatsani safesi mwakachetechete, imangokana nkuonetsa uthenga wolakwika, ndipo `Validate sketch` imakuthandizani kupeza nsonga zomwe sizinakumane. Kwa wongoyamba, kukanako ndimakuona kwabwino kuposa kupatsidwa chinthu cholakwika chooneka bwino.

Kutsika kuchoka ku solidi kubwerera ku mizere nkosavuta. Hinji ija ikafunika kwa odula zitsulo ku Ginnery Corner, ndimaiyang'ana kuchokera pamwamba, nkulemba `FLATSHOT`, ndipo ndimapeza mizere yafulati ya momwe ikuonekera. Imabwera ngati buloko, mizere yonse yomangidwa kukhala chinthu chimodzi, ndiye ndimaimasula ndi `EXPLODE`, nkudutsitsa `OVERKILL`, nkuyeza ndi `DIST` kuti m'litali mukadali 100 ndisanasunge DXF, chifukwa poika bulokoyo pulogalamu imafunsa sikelo, ndipo iyenera kukhala `1`.