Wanenepatu iwe!

Kwathu ku Ntcheu ukatsika minibasi, abale sayamba ndi kufunsa za ulendo. Amayamba akuyeza ndi maso kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kenako chigamulo chimaperekedwa pompo, anthu onse akumva. Zigamulo zake ndi ziwiri basi. Ukawonda, ndiye kuti ukudwala kapena mwamuna akukuzunza, ndipo azakhali amakukokera kuseri kwa nkhokwe kukakufunsa monong'ona ngati unapita kukayezetsa. Ukanenepa, ndiye kuti ndalama zakuyanja, kapena uli ndi pakati koma ukubisa.

Ine ndinali m'gulu lachiwirili. Nditayamba ntchito yokhala pampando tsiku lonse ku Lilongwe, tchipisi cha masana ndi mandasi a m'mawa zinandichotsa pa makilogalamu 68 kundifikitsa pa 81 m'chaka chimodzi. Ndiye mng'ono wanga anati achite chinkhoswe. Anatitumizira nsalu ya yunifolomu, aliyense mamita 4, ndipo kwa telala ndinapereka miyezo yanga yakale chifukwa ndinali nditalumbira kuti pofika tsikulo ndikhala nditaphwa. Sindinaphwe. Telala anangoti, "Asisi, zipiyi ndiyesetsa, koma musamapume kwambiri."

Usiku woti mawa ndinyamuka ndinakonza mayankho, monga mwana wa Folomu 4 wokonzekera mayeso. Ndimawadziwa abale anga mmodzimmodzi, ndipo yankho limayenera kutengera amene walankhula. Akuluakulu, monga azakhali ndi agogo, akati wanenepa amakhala akuyamikira ndithu, chifukwa anakula m'nthawi imene thupi linali umboni woti pakhomo pali chakudya. Amenewa umangowerama pang'ono n'kunena kuti, "Zikomo, ndi mtendere," kenako msangamsanga n'kufunsa za mwendo wawo uja umavuta. Nkhani ya mwendo ikayamba, thupi lako laiwalika kwa ola lathunthu. Amalume ndi ena. Iwowa ukawauza kuti ndi mtendere, pasanathe mphindi zisanu wamva za feteleza. Yankho lawo ndinakonza lakuti, "Amalume, uku si kunenepa, ndi ngongole zatupa."

Koma yankho lenileni, limene ndinalinola ngati chikwanje, linali la msuweni wanga Nangozo. Pachisuweni palibe mlandu. Mukhoza kunyozana mpaka dzuwa kulowa, akuluakulu amangoseka, ndipo amene wakhala chete ndiye wagonja. Nangozo wakhala akundigonjetsa kuyambira tili ana. Iyenso thupi analipatsidwa mosaumira, ndipo mawu ake ndi aakulu, okhala ngati akulankhulira mumgolo.

Mayankho awiri oyamba anagwira ntchito bwino kwambiri moti ndinayamba kudzimva. Azakhali anandigwira mkono, n'kuufinya ngati akusankha papaya pamsika, n'kuti, "Eee, koma Lilongwe wakukonda mwana iwe!" Ndinati ndi mtendere, nanga mwendo? Anandifotokozera mpaka mayina a mankhwala. Amalume atamva za ngongole anaseka, n'kundisiya, n'kulunjika kwa mlongo wanga amene anabwera ndi galimoto.

Cha m'ma 11 koloko ndinali kuseri, kumene amayi amaphikira, nditawerama kutunga thobwa mu mbiya kuti ndikapereke kwa alendo. Kuwerama kwake kunali kwa mwaulemu kwa zipi, osati kwa anthu. Ndipamene ndinamva dzanja likundimenya pambuyo, phaa! Mawu a mumgolo aja n'kumveka: "Iii, koma ameneyu ndiye wadya bwino! Thupi lonseli n'la munthu mmodzi?"

Mumtima ndinati, wabwera Nangozo, lero ndi lero. Sindinacheuke n'komwe. Ndinakweza mawu kuti amayi onse apamoto amve:

"Ine ndanenepa chaka chino chokha, koma iwe unabadwa uli mbiya! Ukakhala pamphasa, mphasa imapempha tchuthi!"

Ndinadikira kuseka. Kunangoti zii. Ngakhale mthiko wa amayi amene amavundula nsima unaima. Ndipo chapatali, pafupi ndi mtengo wa mango, ndinaona Nangozo weniweni atasenza ndowa ya madzi, atayasama kukamwa.

Nditacheuka, ndinapeza mayi wamkulu, wa duku lowala ndi nsalu ya mbali ya kuchimuna. Anali amayi ake a mkwati. Apongozi a mng'ono wanga, amene anali atangofika kumene kuchokera ku Balaka, ndipo anabwera kuseriko kudzapereka moni kwa ophika. Thupi lawo, kunena mosapsatira, mbiya inali yaing'ono.

Chimene chinapweteka kwambiri si mbiya ayi. Ndi "iwe". Munthu amene ngakhale amayi anga amamulankhula atagwada, ine ndinamutcha iwe, pamaso pa mbumba yonse, nkhuku za ankhoswe zisanasinthanidwe n'komwe. Azakhali anafika pomwepo, mwendo wovuta uja utachira mwadzidzidzi, n'kundinong'oneza mokukuta mano: "Gwada."

Ndinagwada. Ndipo zipi, imene inapirira ulendo wonse wa minibasi kuchokera ku Lilongwe, inati basi yatopa. Inang'ambika kuchokera pakhosi mpaka m'chiuno, phwee, mokweza moti galu amene anagona pafupi ndi nkhuni anadzuka n'kuthawa.

Amene anayamba kuseka anali apongoziwo. Anaseka mpaka kugwira nsanamira ya chisakasa, misozi ili mbwembwembwe. Kenako anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kundifunditsa kumsana. "Dzukani, mwana wanga," anatero. "Ine ndimayamikira kuti banja limene mwana wanga akulowa limadziwa kudyetsa ana. Koma za mphasa mwanena zoona. Kwathu ndathetsa zitatu."

Mwambo wonse ndinakhala nditafunda chitenje cha mbali ya kuchimuna, moti pa perekaniperekani woyendetsa mwambo ataitana abale a mkwati, anthu anandikankha kuti ndipite nawo. Ndinavina kawiri, ndinafupa kawiri. Ndalama za K500 zimene ndinasinthitsa kuti zindikwanire tsiku lonse zinatha dzuwa likadali pamutu.

Madzulo tikutsuka mapoto, azakhali anandipatsa mwambo. Sanandidzudzule chifukwa choyankha, poti iwonso amati pakamwa pa anthu ena pamafunika kutsekedwa. Anati munthu amene mawu ake akupweteka umamupeza payekha, alendo atapita, n'kumuuza kuti, "Zija munanena pagulu sizinandisangalatse," ndipo ngati ndi wamkulu kwambiri umatuma wamkulu mnzake. "Koma pagulu," anatero akukwecha poto ndi mchenga, "uyambe waona nkhope, kenako utsegule pakamwa. Khosi analiika kuti lizitembenuka." Nangozo, amene anakhala chete tsiku lonse ngati wodwala, anangodutsa n'kunena kuti, "Mbiya, undipatsireko sopo." Mpaka lero mudzi wonse umanditcha choncho. Dzina limene ndinasulira mnzanga linandikhala ine.

Pobwerera ndinakwera minibasi pa Lizulu, nditagula kabichi ndi mbatatesi, chitenje cha apongozi chili m'chikwama poti anakana kuchilandira. Kondakitala anandiyang'ana, n'kuyang'ana kampata kamene kanatsala pampando wakumbuyo, n'kuti, "Koma amayi, thupi ili ndiye la mipando iwiritu."

Ndinacheuka kaye. Ndinamuyang'ana nkhope bwinobwino, kutsimikiza kuti si mpongozi wa munthu aliyense kwathu. Kenako ndinati, "Ndi mtendere, achimwene."

"Chabwino," anatero akutambasula dzanja. "Mtenderewo ulipirenso."