Zikomo Aphunzitsi a Sitandade 2

Chaka cha sukulu chatha, ana atsekera. Ndati ndithokoze poyera aphunzitsi a mwana wanga wamkazi kuno ku Chibavi, mu Mzuzu.

Mayi, mwanayu atabwera m'kalasi mwanu ankaoneka ngati amawerenga, koma inu munazindikira kuti amangoloweza. Munkati mukamulozera mawu pakati pa tsamba, iye nkuyambira pamwamba ngati nyimbo. Mutaphimba chithunzi ndi dzanja, anangoti kakasi. Ife kunyumba sitinadziwe, chifukwa tinkamva mawu akutuluka bwinobwino.

Simunamukalipire. Munabwerera naye ku a, e, i, o, u, kenako maphatikizo: ba, be, bi, bo, bu. Munadula timakadi ku katoni ya sopo, nkumamupatsa kuti aphatikize "ba" ndi "la" apange "bala", asinthe apange "bola". Pamene panavuta kwambiri ndi pa b ndi d, ankazitembenuza, "dala" nkumati "bala". Munamulembetsa ndi chala pa mchenga uku akutchula liwu lake, mpaka dzanja linazolowera.

Ine munandiuza kuti madzulo aliwonse tiziwerenga naye mphindi 10 zokha, ndisamuuze mawu msanga, ndizimudikira aphatikize yekha. Kudikirako kunagwira ntchito. Zovuta ngati "mphwa" ndi "nkhwa" munati zidikire teremu yachitatu, ndipo munalondola.

Zonsezi munachita muli ndi kalasi yodzaza, m'mawa wozizira wa Juni uja ana akunjenjemera. Lero mwanayu akuwerenga "nkhwangwa" osakakamira.

Zikomo kwambiri mayi, tawonga chomene. Mupume bwino pa holide ino.