Chandamale cha 5 peresenti ndi lendi ya nyumba ku Nchalo

Pa maphunziro a ndondomeko za ndalama pali njira imene banki yaikulu imalengeza poyera kuti ikufuna mitengo ya zinthu izikwera ndi maperesenti angati pa chaka, kenako n'kumasintha chiwongoladzanja chake kuti kukwerako kubwerere pa chandamalecho. Dziko la New Zealand ndilo linayamba njirayi mu 1990, litakhazikitsa lamulo lake mu 1989, ndipo linadziikira malire a 0 mpaka 2 peresenti. Canada inatsatira mu 1991, Britain mu 1992, ndipo South Africa inayamba mu 2000 ndi malire a 3 mpaka 6 peresenti. Kuno kwathu Banki Yaikulu ya Malawi imanena kuti cholinga chake pa zaka zingapo zikubwerazi ndi 5 peresenti, ngakhale kuti mu 2024 mitengo inkakwera kuposa 30 peresenti. Chimene ndikufuna kufotokoza ndi chifukwa chake nambala yolengezedwa imagwira ntchito m'mayiko ena koma m'mayiko ena n'kungotsala papepala.

Nambalayo payokha sitsitsa mtengo wa chinthu chilichonse. Imayamba kugwira ntchito ikalowa m'mutu mwa munthu amene akuika mtengo lero woti ukhale miyezi yambiri. Tiyerekeze mwini nyumba ku Nchalo amene amachititsa lendi pa K40,000 pa mwezi ndipo amasintha mtengo kamodzi pa chaka. Mu Januwale ayenera kulingalira za mtengo wa simenti, malata ndi chimanga pofika Disembala. Akakhulupirira kuti zinthu zikwera ndi 5 peresenti, aika K42,000. Akaona kuti chaka chino chikhala ngati chatha, aonjezera 30 peresenti n'kuika K52,000. Wolipira lendiyo, mwina wogwira ntchito m'minda ya nzimbe, akapempha malipiro okwera molingana, wakabaza akweza ulendo, wogulitsa nsomba zochokera ku Elephant Marsh nayenso akweza mulu. Chaka chikamatha mitengo yakweradi ndi pafupifupi 30 peresenti, ndipo aliyense akuti, "Ndinanena ine." Kuyembekezera kwawoko ndiko kwabala zimene ankaopa. Choncho banki yaikulu ikamalengeza chandamale imakhala ikulimbirana nambala imene mwini nyumba uja alembe mu Januwale.

Chandamale chili ngati chikhomo chomangirirapo mbuzi. Mbuzi imayendayenda kufika pamene chingwe chathera, ndiwo malire aja a 3 mpaka 6, koma siisochera. Chikhomo cholimba chimadziwika pamene mbuzi yadzidzimuka n'kukoka mwamphamvu, ndipo Chigwa cha Shire chimadziwa bwino zodzidzimutsa. Namondwe wa Freddy atasefukiza madzi mu Malichi 2023, kenako ng'amba ya El Niño mu 2024, chimanga chinasowa ndipo mtengo wake unalumpha m'misika ngati Bangula ndi Ngabu. Kukwera koyambaku palibe chiwongoladzanja chimene chingakuletse, chifukwa chiwongoladzanja sichimeretsa chimanga. Chimene banki iyenera kutchinga ndi kukwera kwachiwiri, pamene mtengo wa chimanga uyamba kukoka lendi, ganyu, kumeta tsitsi ndi fizi ya sukulu. Kumene anthu amakhulupirira banki yawo, amaona kuti vuto la chimanga litha zokolola zikabwera, ndipo mwini nyumba aikabe K42,000. Kumene chikhulupiriro chinatha, chimanga chimatsika mu Epulo kapena Meyi koma lendi sitsikanso.

Chiwongoladzanja chimene chimasintha khalidwe la munthu si chimene chalembedwa pakhoma la banki, koma chimene chatsala mukachotsapo kukwera kwa mitengo kumene munthuyo akuyembekezera. Mu Febuluwale 2024 chiwongoladzanja cha Banki Yaikulu chinakwezedwa kufika pa 26 peresenti. Kwa munthu woyembekezera kukwera kwa 30 peresenti, 26 kuchotsa 30 kukutsala 4 peresenti ya kumunsi kwa ziro: kusunga ndalama pa chiwongoladzanja chimenecho n'kuluza, ndipo kubwereka kuti ugule katundu n'kupindula. Kwa woyembekezera 10 peresenti, 26 yemweyo akusiya 16 peresenti yoluma kwambiri, ndipo aganiza kawiri asanabwereke. Nambala ndi imodzi, mphamvu zake n'zosiyana. N'chifukwa chake banki yosakhulupiriridwa imayenera kukweza kwambiri ndi kukhalitsa pamwambapo kuti ipeze zimene banki yokhulupiriridwa imapeza ndi kukweza pang'ono, ndipo amene amalipira kusiyanako ndi amalonda amene ngongole yawakwerera.

Nthawi nayo imasokoneza ambiri. Kusintha chiwongoladzanja lero kumaoneka mokwanira pa mitengo pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri. Komiti yoona za ndondomeko ya ndalama siyenera kuthamangitsa nambala imene ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya NSO ku Zomba yatulutsa mwezi watha, koma kuyang'ana kumene mitengo ikulowera, kufalitsa zimene ikulosera, ndi kufotokoza poyera ikaphonya. Ku Britain, bwanamkubwa wa banki amalembera nduna ya zachuma kalata yapoyera kukwera kwa mitengo kukasiyana ndi chandamale chawo cha 2 peresenti ndi kuposa 1 peresenti. Ine ndimaona kuti mwambo woterewu ndi wamphamvu kuposa nambala yeniyeniyo, chifukwa anthu amakhululukira kuphonya kofotokozedwa koma sakhululukira kukhala chete.

Zimene zimazula chikhomo kwathu kuno n'zodziwika. Chachikulu ndi ngongole ya boma. Boma likamagwiritsa ntchito ndalama zoposa zimene latolera, n'kumadalira banki yaikulu kuti itseke dzenjelo, ndiye kuti dzanja limodzi likumanga pamene lina likumasula, ndipo amalonda amaona zimenezo msanga. Chinanso ndi kwacha. Inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mafuta, feteleza ndi mankhwala timagula kunja, kotero wamalonda wodutsa pa chipata cha Marka kukagula katundu ku Mozambique samvera lipoti la komiti. Amafunsa mtengo wa dola ndi metikali pamsika wa mseri, ndipo umenewo ndiwo chikhomo chake chenicheni. Onjezerani apo kuti chakudya chimatenga pafupifupi theka la dengu limene amayezera kukwera kwa mitengo, komanso kuti anthu ambiri m'midzi amabwereka ku banki m'khonde kapena kwa akatapila, kumene chiwongoladzanja cha ku Lilongwe chimafika mochedwa ndi mofooka.

Mayiko okhwima pa njirayi amafunsa mabanja ndi makampani kuti akuyembekezera chiyani pakatha zaka ziwiri kapena zisanu, n'kuona ngati yankho likugwedezeka mtengo wa mafuta ukalumpha. Likakhala pamodzimodzi, chikhomo chagwira. Popanda kafukufuku wotero, msika umayankhabe. Wogulitsa simenti ku Chikwawa akamanena kuti mtengo wakewo ndi wa lero lokha, mwini nyumba akasiya mgwirizano wa chaka n'kuyamba wa miyezi itatu, mlimi wa thonje akalandira ndalama n'kugula mbuzi tsiku lomwelo m'malo mosunga ku banki, onsewa akunena kuti nambala yawo ili kutali ndi 5. Chizindikiro choyamba cha kusintha sichikhala kutsika kwa chimanga nthawi yokolola, chifukwa chimenecho chimachitika pafupifupi chaka chilichonse. Chizindikirocho ndi mwini nyumba wa ku Nchalo uja kuvomeranso mgwirizano wa miyezi 12 osaonjezerapo K12,000.