Zomwe ndaphunzira potsegula akaunti ya ndalama pafoni

Mwezi uno ndatsegula akaunti yanga ya ndalama pafoni, ndipo ndakhala ndikulemba mukope chilichonse chomwe ndikuphunzira. Kale ndalama zanga zinkadzera pa nambala ya achimwene, iwo nkukatapa nkundipatsa pamanja, nde zambiri sindinkazidziwa olo pang'ono.

Kutsegula kwenikweniko sikunavute. Ndinapita kwa ejenti ndi foni komanso chiphaso, anaona ngati dzina la pachiphaso likufanana ndi lomwe simu khadi inalembetsedwa, analowetsa zonse mufoni yake, kenako kwa ine kunabwera meseji yoti akaunti yatseguka. Apa chofunika nchoti simu ikhale m'dzina lako. Akaunti imamangiriridwa ku nambala, osati ku foniyo, nde ngati simu munalembetsa pa chiphaso cha munthu wina, tsiku lomwe foni idzatayike kampani idzafuna munthu uja osati inu, ngakhale ndalamazo ndi zanu.

Kenako inabwera nkhani ya pini. Ndinapatsidwa pini yoyambira nkuuzidwa kuti ndiyisinthe pomwepo, ndinaimba nambala ija yoyamba ndi * nkuthera ndi #, menyu inatuluka, nkusankha posinthira pini. Ejenti uja anatembenuka kuyang'ana kumbali pomwe ndimalemba, ndipo ndinamulemekeza nazo zimenezo chifukwa ndi m'mene ziyenera kukhalira. Ine mumutu mwanga munali kale chaka changa chobadwa. Madzulo ake nditakhala pansi nkuwerengera ndinayisinthanso. Pini ya manambala anayi ikhoza kukhala iliyonse kuyambira 0000 kukafika 9999, kutanthauza kuti zilipo 10,000, ndipo makampani ambiri amatseka akaunti ukalakwitsa katatu motsatizana. Munthu wongotola foni yako nkumayesa mwachisawawa ali ndi mwayi wa 3 pa 10,000, zovuta kwambiri kuti alase. Koma ukayika chaka chobadwa wamuchepetsera ntchito, zaka kuyambira 1950 mpaka 2010 ndi 61 zokha, ndipo ngati chikwama chabedwa muli foni ndi chiphaso limodzi safunikanso kuganiza, angowerenga pachiphasopo. Tsiku ndi mwezi wobadwa chimodzimodzi, 1234 kapena 0000 kapena manambala omaliza a foni yako ndi zomwe wakuba amayamba nazo. Ndinasankha manambala osakhudzana ndi moyo wanga nkuwabwereza mumtima mpaka anakhazikika. Mukope muja pini mulibemo, ndipo sindinayisunge mufoni ngati nambala ya munthu ayi.

Koma chomwe ndaphunzira kwambiri si pini, ndi kuwerengera balansi. Nthawi iliyonse ndalama ikalowa kapena kutuluka kumabwera meseji yochokera ku kampani, mumakhala kuchuluka kwa ndalama, dzina kapena nambala ya winayo, nthawi, nambala yaitali ya lisiti komanso balansi yatsopano. Poyamba ndinkangoona kuti meseji yabwera basi nkubweza foni m'thumba. Pano ndimachita masamu. Tsiku lina ndinali ndi 20,000, ndinatumiza 5,000 kwa mng'ono wanga, anandidula 200 yotumizira, nde yotsala imayenera kukhala 14,800, meseji inanenanso 14,800, ndinalemba mukope. Ndinkaona ngati ndikungochulutsa zochita, koma nambala imeneyi ndi yomwe inandipulumutsa mawa lake.

Cham'mawa kunabwera meseji yoti ndalandira 8,000. Inalembedwa ndendende ngati zija za kampani, nambala ya lisiti ilipo, dzina la wotumiza lilipo. Sipanathe mphindi ziwiri foni inalira, bambo wina mawu ake achisoni, akuti pepani achimwene ndalakwitsa nambala imodzi, ndalamayo imapita kwa mayi anga akudwala, chonde mundibwezere, olo mutengepo 1,000 ya chilungamo chanu. Zoona mtima unandigunda, ndinamva chisoni ndithu, ndipo chala chinali chitayamba kale kupita ku menyu. Chinandiyimitsa ndi kope lija. Ngati 8,000 yalowadi pa 14,800, ndiyenera kukhala ndi 22,800. Ndinawauza kuti dikirani kaye, ndinadula foni, nkuimba ndekha nambala ya menyu kufunsa balansi. Inatuluka 14,800. Palibe chomwe chinalowa.

Nditabwereranso ku meseji ija mtima utakhala pansi ndi pomwe ndinaona zomwe ndinaphonya. Meseji zenizeni za kampani zimabwera ndi dzina la kampaniyo pamwamba ndipo zimaunjikana pamodzi, iyi inachokera pa nambala wamba ya foni nkukakhala payokha. Balansi yomwe inalembedwa kumapeto inali 8,000, chifukwa munthuyo samadziwa kuti ine ndili ndi zingati, anangoyerekeza kuti akaunti ilibe kanthu. Ndikanatumiza 7,000 ija ikanachoka pa ndalama zanga zenizeni. Komabe ndaphunzira kuti dzina la pamwambalo nalonso musalikhulupirire kotheratu, akuba ena amatha kulipanga kuti lioneke ngati la kampani, nde umboni weniweni ndi balansi yomwe wafunsa wekha ndi zala zako. Ndipo olo ikanakhala kuti ndalama yalowadi molakwika, si ine woyenera kuyibweza pa nambala yomwe munthu akunditchulira pafoni, iye ayimbire kampani, apereke nambala ya lisiti, iwo ndi omwe ali ndi njira yobwezera.

Bambo aja anayimbanso, nditawauza kuti balansi sinasinthe anati ndi netiweki, andilumikiza ndi a kampani. Kenako kunayimba wina wolankhula mwaulemu kwambiri, akuti kuti ndalama ibwerere ndiwauze pini yanga. Apa nde ndinatsimikiza. Wogwira ntchito ku kampani safuna pini yako, ejenti safuna pini yako, pini imalembedwa ndi mwini wake pafoni yake. Ndinadula, nkuyimba nambala yothandizira makasitomala yomwe ndinalemba tsiku lotsegula akaunti, ndinapereka manambala onse awiri.

Chinanso chomwe ndazolowera pano ndi kuima kaye pa sikirini yomaliza isanafike pini. Potumiza, foni imaonetsa ndalama ndi nambala, nthawi zambiri ndi dzina la wolandira, ndipo ndimawerenga zonsezo pang'onopang'ono chifukwa 5,000 ndi 50,000 zimangosiyana ziro mmodzi, ndipo ukangoyika pini ndalama yapita, ngati wolandirayo watapa msanga kubweza kumavuta kwambiri. Kwa ejenti, ndikamayika ndalama sindichoka mpaka meseji ifike pafoni yanga osati kungoona pa yake, ndikamatapa ndimaona kuti dzina lomwe latuluka ndi la ejenti amene ndaima patsogolo pake, ndalama ndimawerenga pomwepo, ndipo foni sindimupatsira kuti andilembere. Komanso sikirini ikangotuluka yokha kufunsa pini pomwe ine sindikugula kapena kutumiza chilichonse, ndimakana, chifukwa kuyika pini pamenepo ndi kuvomereza kuti ndalama ichoke.

Sabata ino ndikuwerenga za kubedwa kwa nambala, pomwe wina amakanamiza kampani kuti ndi iweyo nkupatsidwa simu yatsopano ya nambala yako. Chizindikiro chake nchoti foni imangotaya netiweki mwadzidzidzi pomwe za anzako omwe ali pa kampani yomweyo zikugwira, kuzimitsa nkuyatsanso osathandiza. Zikatero si zodikira mawa, ndi kubwereka foni nkuyimbira kampani kuti atseke akaunti nthawi yomweyo. Nchifukwa chake nambala yothandizira ija ndayilemba patsamba loyamba la kope, osati mufoni mokha.